Masilaidi 26, nkhani ya mawu 600: ndiyambire pati?

Tadala:
Moni nonse. Ndikupempha nzeru. Ndimathandiza kulemba nyuzileta ya kabungwe kena kophunzitsa ana kuwerenga akaweruka kusukulu. Sabata yatha a dayirekita anafotokozera bodi zotsatira za chaka chathachi ndi masilaidi 26, ndiye anditumizira fayilo yomweyo kuti nditulutsemo nkhani ya mawu osaposa 600. Oiwerenga ndi anthu amene amatithandiza, ambiri a iwo opereka kangachepe mwezi ndi mwezi. Ine pamsonkhanopo panalibe. Silaidi iliyonse ili ndi timawu tinayi kapena tisanu ndi chinambala chachikulu pakati. Ndikamatsata silaidi ndi silaidi, chotuluka ndi mndandanda wa manambala wopanda mutu. Amene munaigwirapo ntchito yotereyi mumayambira pati? Akuifuna Lachisanu.

Yamikani:
Zosavuta izo achemwali. Ngati ndi PowerPoint ya pa Windows pitani pa `File`, kenako `Export`, musankhe `Create Handouts`. Imatumiza zonse ku Word, silaidi iliyonse pamodzi ndi mawu ake. Mukangokonza pang'ono basi mwamaliza.

Tadala:
Zikomo a Yamikani, koma kukopera sikukundivuta. Mawuwo ndili nawo kale. Vuto ndi loti sakupanga nkhani.

Mayi Nachisale:
A Yamikani ayankha funso lina, komabe musataye zimene anenazo. Posankha kaonekedwe ka pepalalo tengani kamene kamaika manotsi a wolankhula pambali pa silaidi, kapena mungotsegula `Notes Page` pansi pa `View`. Nthawi zambiri zimene a dayirekita ananena pakamwa zimakhala mmenemo. Muonenso ngati mulibe masilaidi obisidwa, amaoneka otuwa m'mbali muja.

Chimene chikukuvutani ndi ichi: silaidi ndi theka chabe la chiganizo. Theka linalo linali m'kamwa mwa wolankhula, ndipo omvera anali a bodi amene akulidziwa bungwelo, oti akakayika amakweza mkono n'kufunsa. Wowerenga wanu alibe womufunsa. Ndiye musanaganize za chiganizo choyamba, tiikireni pano masilaidi atatu kapena anayi amene mukuona kuti ndi akuluakulu, mmene alembedwera ndendende, kungochotsa dzina la bungwe.

Tadala:
Nawa mayi.
Silaidi 4: "Anthu ofikiridwa: 9,600. Kukwera ndi 50%."
Silaidi 9: "72% ya ana akuwerenga bwino kuposa kale. Chaka chatha 60%. Kukwera ndi 12%."
Silaidi 17: "Ndalama zolowa zakwera ndi 40%."
Silaidi 22: "Malo ophunzirira: 14 kufika pa 12." Iyi ili pansi pa mutu woti zovuta.
Manotsi alipo pa masilaidi ochepa okha, ndipo pa 4 palibe kanthu.

Bambo Gondwe:
Nkhani yanu ndi silaidi 4 imeneyo, osasakanso kwina. Anthu amawerengera nyuzileta pafoni, chala chili chire kufuna kudutsa. Mutu ukhale wa 9,600, ndime yoyamba 50 peresenti, kenako mawu a dayirekita othokoza. Ndipo musatsate ndondomeko ya masilaidi. Masilaidi amayamba ndi masomphenya, zolinga, mapu, zinthu zimene wowerenga sazifuna. Chachikulu chiyambe, zotsalazo zizitsatira malinga ndi kulemera kwake. Pa masilaidi 26 mukagwiritsa ntchito asanu ndiye kuti mwachulutsa.

Mayi Nachisale:
Zosatsata ndondomeko ya masilaidi ndikugwirizana nanu kwathunthu, bambo. Koma 9,600 ameneyo ine sindingamuike pamutu ndisanamusegule m'mimba. "Ofikiridwa" ndi ndani? Mwana amene wabwera katatu pa sabata chaka chonse ndi wofikiridwa. Munthu amene anaima pachionetsero cha mabuku kwa mphindi khumi nayenso ena amamuwerengera kuti wofikiridwa. Bungwe la ana owerenga kukula ndi theka lathunthu m'chaka chimene latseka malo awiri, pamenepo pakufunika kufunsa.

A Tadala, ngati pa silaidi 4 pali gilafu, dinani batani lakumanja la mbewa pa gilafuyo musankhe `Edit Data`. Ikakhala kuti sinaikidwe ngati chithunzi, patuluka tebulo la manambala amene anaipangira. Ikakana, pitani kwa amene amasunga kaundula wa ana mukapemphe kuti akugawireni 9,600 ameneyu m'magulu ake, ndiponso nambala ya chaka chinacho m'magulu omwewo.

Tadala:
Yatseguka! Chaka chino: ana olembetsa 5,100, makolo a m'magulu a makolo 1,700, obwera pa masiku a mabuku 2,800. Zonse 9,600. Chaka chinacho: ana 4,800, makolo 1,600, zonse 6,400. Pa masiku a mabuku m'bokosimo mulibe kanthu. Ndafunsa mnzanga wa kaundula, akuti masikuwo ankachitika ndithu chaka chinacho, kungoti sankawerenga anthu pakhomo.

Mayi Nachisale:
Ndi zimenezotu. Masamu a pa silaidi ndi olondola, 6,400 kufika 9,600 ndi 50 peresenti, koma akufananitsa zinthu ziwiri zosiyana. Chimene chakula kwambiri ndi kawerengedwe. Mukachotsa masiku a mabuku, mwachoka pa 6,400 kufika pa 6,800, kumene ndi kukwera ndi 6 peresenti ndi kakusefukira pang'ono. Ana paokha achoka pa 4,800 kufika pa 5,100, ana 300 owonjezera.

Palinso china. Anthu 2,800 aja ambiri angakhale ana omwewo ndi makolo omwewo amene alembedwa kale m'magulu awiri oyambawo, ndipo amene anabwera masiku awiri anawerengedwa kawiri. Choncho simungalembe kuti "anthu 2,800". Mungalembe kuti pakhomo anawerenga olowa 2,800, ngati n'kofunika kutchula n'komwe. Ine ndingaisiye kunja. Wowerenga amamuona mwana m'maganizo mwake, "wofikiridwa" samuona.

Bambo Gondwe:
Koma mayi, bodi inavomereza masilaidiwo. Wolemba nyuzileta ndi ndani kuti azikonza manambala a bodi? Ndiponso 6 peresenti sikopa munthu. Nyuzileta ija cholinga chake n'chakuti anthu apitirize kupereka, tisamanamizane.

Mayi Nachisale:
Sakukonza nambala ya munthu ayi, akusankha yoti alembe, ndipo 5,100 ndi ya m'fayilo yomweyo. A bodi mwina anauzidwa pakamwa kuti chaka chino tayamba kuwerenga pakhomo. Nyuzileta imapita popanda pakamwapo. Ndiye ganizirani chaka chamawa: masiku a mabuku akadzachepa, 9,600 adzatsika kufika mwina 8,000 pamene ana awonjezekera, ndipo a Tadala omwewa adzavutika kufotokoza kutsika kumene kulibe.

Chisomo:
Ine ndikuona ngati nonse mwalowerera m'manambala. Anthu sakumbukira peresenti. Pezani mwana mmodzi amene sankatha kuwerenga dzina lake ndipo pano akuwerengera azibale ake, muyambe ndi iye, chithunzi chake pamwamba. Ife timatero ndipo anthu amayankha maimelo. M'masilaidimo mulibe zithunzi?

Tadala:
Zilimo a Chisomo, silaidi 12 ili ndi kamtsikana kanyamula buku, dzina lake loyamba ndi mawu ake mzere umodzi.

Mayi Nachisale:
Chithunzi chimenecho chinaonetsedwa kwa anthu ochepa m'chipinda chotseka. Nyuzileta imatumizidwa kwa anthu ambirimbiri ndipo ena amaipatsira anzawo. Funsani ngati kholo kapena womulera anasainira chilolezo, ndipo muone kuti chilolezocho chikunena za chiyani, chifukwa kuvomera lipoti la m'kati si kuvomera kufalitsidwa. Chikasowa, chithunzi chisapite, dzina lisapite, ndipo musatchule malo amene amaphunzirira. Komanso musawonjezere mawu m'kamwa mwa mwana kuti akome. Mzere umodzi umene ulipowo ndi womwewo.

Zoyamba ndi mwana sindikutsutsa. Chimene ndimakana ndi kutenga mwana amene wapambana onse n'kumuika ngati chithunzi cha ana 5,100. Izi zikutifikitsa pa silaidi 9, imene kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonse. A Tadala, 72 peresenti ya ana angati?

Tadala:
Ndimayesa ya 5,100. Koma manotsi a silaidi imeneyi akuti "oyesedwa koyambirira ndi kumapeto, 1,250".

Mayi Nachisale:
Ndiye kuti ndi ana 900 mwa 1,250. Mukanalemba kuti 72 peresenti ya ana athu, wowerenga akanawerengera pa 5,100 n'kupeza ana oposa 3,600, kuchulukitsa kanayi zimene munayeza. Funsani mmene 1,250 aja anapezekera. Ngati anasankhidwa mwamaere m'malo onse, angathe kuimirira anzawo. Ngati ndi amene anangopezeka pa masiku onse awiri a mayeso, ndiye kuti ndi ana okhazikika, chifukwa amene anasiyira panjira sanayesedwe kumapeto. Osiyawo kawirikawiri ndi amene zinkawavuta. Zikatero nambala imakoma kuposa mmene zinthu zilili, popanda wina kunama.

Chachiwiri, "kukwera ndi 12%" n'kolakwika. Kuchoka pa 60 kufika pa 72 ndi mapointi 12. Mukafuna kunena kukwera kwake m'maperesenti ndi 20, poti 12 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a 60. Musavutike nazo zonsezi m'nkhani. Lembani manambala awiriwo moyandikana, owerenga aona okha: ana 72 mwa 100 aliwonse oyesedwa, pamene chaka chinacho anali 60. Mungotsimikiza kuti mayeso ake anali amodzimodzi zaka zonse ziwiri.

Yamikani:
Funso langa mwina ndi lachibwana. Mwana akakhala chaka chathunthu akupita kusukulu, sakuyenera kuwerenga bwino kuposa kale ngakhale bungwelo kulibe?

Mayi Nachisale:
Si lachibwana, ndi funso limene wowerenga watcheru adzafunse. Pokhapokha ngati bungwe linayesanso ana ofanana nawo amene sali m'pulogalamu, palibe njira yodziwira kuti gawo la bungwe ndi liti, la aphunzitsi akusukulu ndi liti, la kukula chabe ndi liti. Choncho a Tadala apewe mawu oti "chifukwa cha ife". Anene chimene chinachitika: ana awa anayesedwa, anakwera motere. Ndiponso afunse kuti "bwino kuposa kale" akutanthauza chiyani pamayesopo. Kodi ndi kuchoka pa kuzindikira zilembo kufika pa kuwerenga mawu? Kodi ndi mawu angati pa mphindi? Yankho lake ndi limene lidzapatse nkhaniyo nyama, chifukwa munthu amatha kuliona ndi maso.

Mphatso:
Ine ndine wa zowerengera ndalama, ndilankhuleko za silaidi 17 poti yandikumbutsa zimene zinatichitikira kumene ndinkagwira kale. Nyuzileta inatuluka ndi mutu woti ndalama zawirikiza. Mwezi wotsatira anthu angapo opereka mwezi ndi mwezi analemba kuti poti mwapeza zambiri, ife tikathandize kwina. Chonsecho ndalama zimene zinawirikizazo zinali za ntchito imodzi yokha, sitikanatha kulipirira nazo ngakhale lendi.

Ndiye a Tadala funsani a zachuma zinthu izi. Mu 40 peresentiyo, ndi zingati zimene woperekayo anamangirira ku ntchito yakutiyakuti, ndipo ndi zingati zimene bungwe lingagwiritse ntchito mmene laonera? Kodi mulibe thandizo la zaka zingapo limene lalembedwa lonse m'chaka chimodzi? Malamulo ena a kasungidwe ka mabuku a ndalama amalola kapena kulamula zimenezo, ndiye chaka choyamba chimaoneka chonona, zotsatirazo zowonda. Kodi maodita adutsamo kale? Masilaidi a bodi nthawi zambiri amapangidwa mabuku asanatsekedwe, manambala amasuntha. Ndipo "chaka" chake ndi chiti? Chaka cha ndalama sichiyamba mu Januwale m'mabungwe onse, pamene chiwerengero cha ana mwina chikutsata chaka cha sukulu. Mulembe miyezi yake kamodzi m'nkhanimo.

Tadala:
Ndabwerako ku ofesi ya zachuma. Andifotokozera motere: tikati chaka chinacho tinalandira 100, chaka chino ndi 140. Mwa 140 ameneyo, 45 ndi thandizo limodzi la zaka zitatu logulira mabuku ndi kuphunzitsa ongodzipereka, lalembedwa lonse chaka chino. Zotsala ndi 95. Malo awiri aja anatsekedwa kumapeto kwa chaka chifukwa ndalama za lendi ndi za oyang'anira zinaperewera. Maodita abwera mwezi wamawa.

Mphatso:
Mwaona? Ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku zatsika kuchoka pa 100 kufika pa 95. Silaidi 17 ndi silaidi 22 ndi nkhani imodzi. M'masilaidi zatalikirana, pakati pali masamba anayi, munthu amaiwala. M'nkhani ya mawu 600 zikhala moyandikana, ndipo aliyense adzafunsa kuti ndalama zakwera chotere nanga mukutsekeranji malo. Poti maodita sanafike, musaike manambala enieni a ndalama, kapena munene poyera kuti ndi ongoyembekezera.

Bambo Gondwe:
Ndiye njira yachidule ndi kusiya zonse ziwiri. Za ndalama ndi za kutseka malo zipite mu lipoti la pachaka, amene akuzifuna akazipeza kumeneko. Nyuzileta si malo olirira. Ndaonapo anthu akuleka kupereka atangomva kuti bungwe likutseka malo, amaganiza kuti likumira.

Chisomo:
Apa ndili mbali ya a Gondwe pang'ono. Komanso zoterezi si a Tadala oganiza okha, mwini nkhani ndi dayirekita.

Mayi Nachisale:
Zoti asankhe ndi a dayirekita n'zoona. Koma a Tadala apite ndi maganizo awo, asapite manja ali m'thumba. Anga ndi awa: makolo ndi ongodzipereka a m'malo awiriwo akudziwa kale, ndipo ena a iwo amalandira nyuzileta yomweyi. Akaona nkhani ya chaka chonse yosatchulako n'komwe, sadzakhulupiriranso 900 uja. Ndiponso owerenga awa ndi amene ndalama zawo zimalipira lendi. Kuwabisira kuti thumba limenelo ndi limene laperewera ndi kuwabisira chifukwa chenicheni chimene thandizo lawo likufunikira.

Bambo Gondwe:
Zimatengera owerenga ake. Ine sindinasinthe maganizo. Koma ngati ilowe, ilowe chakumapeto, mizere itatu, ndipo inene kumene ana a malo amenewo apita.

Tadala:
Ndayesa ndime yoyamba, muidzudzule momasuka:

"Chaka chathachi ana 5,100 anaphunzira nafe kuwerenga, 300 kuposa chaka chinacho. Mwa ana 1,250 amene tinawayesa koyambirira ndi kumapeto kwa chaka, 900 anakwera gawo limodzi kapena kuposa, monga kuchoka pa kutchula zilembo kufika pa kuwerenga mawu athunthu. Amenewa ndi ana 72 mwa 100 aliwonse, pamene chaka chinacho anali 60."

Za magawozo ndafunsa, mayeso ali ndi magawo asanu: osadziwa zilembo, zilembo, mawu, ndime, kankhani. Sanasinthe kuchokera chaka chinacho. Koma 1,250 aja sanasankhidwe mwamaere, ndi amene analipo masiku onse awiri.

Mayi Nachisale:
Yayamba kumveka ngati munthu akulankhula. Koma muli manambala asanu ndi awiri m'ziganizo zitatu, ndi ambiri kwa munthu wa pafoni. Chiganizo chachitatu chitsike, chikayambe ndime yachiwiri pamodzi ndi mzere wonena kuti oyesedwawo ndi amene analipo masiku onse awiri, ndiye zotsatirazi zikunena za ana okhazikika. Mzere umodzi ndi wokwanira, osachita kupepesa. "Anaphunzira nafe" muyang'anenso: 5,100 ndi olembetsa, ndiye lembani kuti analembetsa, pokhapokha kaundula akusonyeza kuti onse ankabwera.

Mawu 600 ndingawagawe chonchi, mongoyerekeza. Ndime ziwiri zoyambazo zitenge 130. Kenako 170 apite pa chinthu chimodzi chooneka ndi maso, kaya ndi mwana uja ngati chilolezo chilipo, kaya ndi mmene ola limodzi la phunziro limayendera. Ndalama ndi malo awiri aja 150, m'ndime imodzi kuti chifukwa chake chimveke. Zotsalazo zikhale za chaka chikubwerachi ndi chimene mukupempha owerenga. Masomphenya, mapu, mndandanda wa ogwira nawo ntchito, zonsezo zitsale m'masilaidi.

Yamikani:
Nanga magilafu? Sangangojambula silaidi 9 n'kuiika momwemo?

Mayi Nachisale:
Silaidi inapangidwira chinsalu chachikulu, pafoni zilembo zake zimasanduka nyerere. Ndipo pa silaidi 9 pali "12%" wolakwika uja. Ngati akufuna gilafu, apange yatsopano ya mizati iwiri, 60 ndi 72, yoyambira pa 0. Muone bwino ya m'silaidiyo, ambiri amayambitsa pa 50 kuti kusiyana kuoneke kwakukulu, ndiye mzati wa 72 umatalika kuposa kuwirikiza wa 60. Koma manambala awiri okha safuna gilafu, chiganizo chikukwana.

Mphatso:
Potumiza kwa a dayirekita muphatikize kapepala kena kosapita kwa owerenga: nambala iliyonse ya m'nkhani, silaidi imene yachokera, ndi amene wakutsimikizirani. Mulembemonso chifukwa chimene mwasiyira 9,600 ndi 40 peresenti, chifukwa chinthu choyamba chimene adzafunse ndi chimenecho. Ndime ya ndalama ipite kaye kwa a zachuma aivomere mawu ndi mawu.

Bambo Gondwe:
Ndipo mawu a dayirekita musawapeke kuchokera pa silaidi yomaliza n'kuwatsekera m'zizindikiro ngati anawalankhula. Apempheni mphindi zisanu, muwafunse chimene chinawadabwitsa chaka chino. Zimene adzayankhe zidzaposa "tikuthokoza onse" amene ali pa silaidi 26, ndikudziwa alipo ngakhale sindinaione.

Tadala:
Alipodi, ndi maluwa m'mbali. Chilolezo cha kamtsikana kaja chapezeka koma ndi cha malipoti a m'kati okha, ndiye ndilemba za ola la phunziro, mawa masana ndikaonerera limodzi. A dayirekita ndawatumizira uthenga. Za 9,600 avomera kuti ichoke. Za malo awiri aja akuti aganize kaye, mwina afunse wapampando wa bodi, ndipo mpaka pano sindinauzidwe kuti ana a kumeneko apita kuti. Ndikonza mitundu iwiri ya ndime imeneyo, wina wotchula kutsekako wina wosatchula.

Mphatso:
Mu wosatchulawo muchotsemonso chilichonse chonena kuti ndalama zakwera. Thandizo la mabuku lija mungalitchule palokha, kuti ndi la zaka zitatu ndipo ndi la mabuku ndi maphunziro a ongodzipereka basi. Mufunsenso ngati woperekayo amalola kutchulidwa dzina, ena amalemba m'pangano kuti awone kaye mawuwo asanatuluke, ndipo zimenezo zingakudyereni masiku oposa amene mwatsala nawo.